Mphindi zitatu zothokoza pa wekishopu: ayambe ndani, atsirize ndani?

*Ndine mlembi wa gulu la amayi pa mpingo wathu ku Mabvuku. Loweruka likudzali tili ndi wekishopu ya tsiku limodzi ya kawetedwe ka nkhuku za nyama, anthu 40, ndipo andisankha kuti ndidzapereke mawu othokoza m'malo mwa ophunzira. Kudzakhala a khansala ngati mlendo wolemekezeka, abusa athu, mayi woimira bungwe limene lalipira zonse, alangizi awiri ndi amayi ophika. Andipatsa mphindi zitatu zokha. Ndiyambe ndi yani, nditsirize ndi yani, nanga ndinene chiyani kuti ndisatalikitse komanso wina asapite kwawo akudandaula?*

Mayi, chimene chimasokoneza anthu ambiri pa ntchito imeneyi n'chakuti m'mawu othokoza muli mindandanda iwiri, ndipo iwo amaiphatikiza kukhala umodzi. Woyamba ndi wa malonje, pamene mukutchula akuluakulu amene muwalankhule. Umenewu umatsata udindo wa munthu, ndipo umanenedwa mwachidule, osapitirira masekondi 15 kapena 20. Wachiwiri ndi wa kuthokoza kwenikweni, ndipo umatsata zimene munthu wachita pa tsikulo. Wophatikiza ziwirizi amatchula a khansala, n'kuyamba kuwathokoza, n'kukumbukira kuti sanalonjere abusa, n'kubwerera, ndiye mphindi ziwiri zatha asanafike n'komwe kwa alangizi amene ayima tsiku lonse.

Tiyambe ndi malonje. Wotsogolera mwambo akakuitanani, mumayamba ndi iye, mawu awiri atatu okha, "Zikomo otsogolera mwambo", chifukwa ndiye wakupatsani bwalo. Kumeneko si kumuika pamwamba pa a khansala, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Kenako pamabwera mlendo wolemekezeka, abusa, mayi woimira bungwe, alangizi, amayi apampando ndi komiti yawo, ndipo pomaliza "amayi ndi abambo nonse".

Pamene ambiri amakayika ndi pa abusa ndi a khansala, poti msonkhano uli m'holo ya tchalitchi. Yankho lili m'mwambo wathu womwe: abusa ndi eni khomo, ndipo mwini khomo salimbirana mpando ndi mlendo amene wamuitana yekha. Amene komiti inamulembera kalata kuti akhale mlendo wolemekezeka ndiye woyamba pa tsikulo. Zimasintha pang'ono ngati patulukira wina wa udindo woposa wa khansala amene sanali pa pologalamu, monga phungu wa Nyumba ya Malamulo wa deralo kapena meya wa mzinda wa Harare. Ameneyo mumamutchula poyamba pa malonje, koma pofika pa kuthokoza mumayambabe ndi mlendo wolemekezeka, chifukwa ndiye wagwira ntchito yotsekulira kapena kutsekera msonkhano. Njira yosavuta yodzitetezera ndi iyi: m'mawa, wotsogolera mwambo akamalonjera alendo, lembani ndondomeko imene watsata. Ngati palibe amene wamukonza pofika masana, tsatani yomweyo. Mukatero, ngakhale patakhala cholakwika, sichikhala chachilendo m'makutu mwa anthu.

Pa kuthokoza kwenikweni, ndondomeko imene imagwira bwino pa wekishopu ngati yanuyi ndi yoyambira kunja kulowa m'kati: mlendo wolemekezeka, bungwe lolipira, alangizi, eni malo, komiti ndi ogwira ntchito kuseri, ndipo pomaliza ophunzira anzanu. Alendo amayamba, apakhomo amatsiriza, monga mmene zimakhalira pogawa nsima. Koma kuyamba kutchulidwa si kutenga nthawi yambiri. Mphindi zitatu ndi masekondi 180, ndipo mungawagawe chonchi: malonje 15, kudzidziwitsa kuti mukulankhulira yani 10, a khansala 20, bungwe 20, alangizi 40, abusa ndi mpingo 15, komiti ndi ophika 25, ophunzira 15, kutseka 5. Zonse pamodzi ndi 165. Masekondi 15 otsalawo ndi a kuwomba m'manja ndi kupuma kwanu. Onani kuti alangizi ali pachitatu koma ndiwo atenga gawo lalikulu kuposa onse, chifukwa wekishopu ndi maphunziro, ndipo iwo ndi amene aphunzitsa.

Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho munthu wolankhula modekha pagulu amanena mawu pafupifupi 90 kapena 100 pa mphindi. Mukalemba, musapitirire mawu 250. Powerenga ndi maso zimaoneka zochepa kwambiri, ndipo mtima umakuuzani kuti muwonjezere. Musawonjezere musanaime m'chipinda n'kuziwerenga mokweza, mwana akukusungirani nthawi pa foni. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, kumathamanga kuposa pakamwa.

Tsono chimene chimachititsa kuti mawu afupiafupi amveke aulemu ndi ichi: munthu aliyense mumupatse chinthu chimodzi chenicheni chimene wachita kapena wanena lero. "Tikuthokoza alangizi athu chifukwa cha maphunziro abwino kwambiri" ndi mawu oti anganenedwe pa msonkhano wa ulimi, wa zaumoyo kapena wa kwaya, ndipo mlangizi amamva kuti munawalemba Lachisanu usiku musanamuone n'komwe. Koma mukati "mwatiphunzitsa kuti anapiye akaunjikana pansi pa nyale ndiye kuti akumva kuzizira, akathawira m'mbali akupuma mwawefuwefu ndiye kuti kwatentha", mlangiziyo amadziwa kuti mawu ake agwera pa nthaka, ndipo amayi 40 aja amagwedeza mitu chifukwa anali pomwepo. Chiganizo chimodzi chotere chimaposa kutamanda kwa mphindi yathunthu.

Izi zikutanthauza kuti simungamalize kulemba kunyumba. Lachisanu lembani mafupa okha: malonje, ndondomeko, mawu a bungwe, a abusa, a ophika ndi otsekera. Musiye mipata itatu, wa a khansala ndi ya alangizi awiri, yoti mudzadzaze pa tsikulo. Mlangizi aliyense akamaphunzitsa, lembani mfundo imodzi imene yachititsa anthu kuseka, kudabwa kapena kufunsa mafunso ambiri. Imeneyo ndiyo yanu. Mpata wovuta ndi wa a khansala, chifukwa nthawi zambiri mlendo wolemekezeka amalankhula inu mutangotsala pang'ono kuitanidwa. Khalani ndi cholembera m'manja, tolani mfundo imodzi yokha, ndipo muinene monga mmene iwo ainenera. Ngati anena kuti "tiona zimene tingachite pa nkhani ya malo ogulitsirapo", inu musati "tathokoza kuti mwatilonjeza msika". Mukatero mwawaika m'kamwa lonjezo limene sanapereke, pamaso pa mboni 40, ndipo komiti yanu idzavutika kuwaitananso.

Maina ndiwo amagwetsa anthu ambiri, ndipo kuno ku Harare vutoli ndi lalikulupo chifukwa alendo anu ambiri adzakhala a maina a Chishona. Lilime lozolowera Chichewa limasakaniza l ndi r popanda kusintha tanthauzo, pamene Chishona chimagwiritsa r womveka bwino, komanso chili ndi mamvekero monga sv ndi zv amene ife tilibe. Pa nthawi ya tiyi wa m'mawa, pitani kwa mlendo aliyense, kapena kwa amene wabwera naye, mufunse dzina ndi udindo, mulitchule kuti amve, akukonzeni pomwepo. Lembani pa khadi lanu monga mmene likumvekera, osati monga mmene lalembedwera pa pologalamu. Pologalamu musaikhulupirire kwambiri, chifukwa inasindikizidwa masiku apitawo, ndipo akuluakulu amakonda kutuma owaimira. Ngati a khansala atuma munthu, mumathokoza amene wabwerayo ndi dzina lake, n'kumupempha akapereke kuthokoza kwanu kwa amene wamutuma. Ngati dzina likukukanikani ndithu ngakhale mwayeserera, tchulani udindo wokha. "Olemekezeka a khansala a wodi yathu" ndi ulemu wokwanira, pamene dzina lopotoka limaseketsa anthu pa nthawi yosayenera.

Bungwe lolipira lili ndi kachitidwe kake. Tchulani dzina lake lonse monga mmene lalembedwera pa kalata kapena pa chinsalu chimene apachika kutsogolo, ndipo muthokoze bungwe poyamba, mayi woliimira pambuyo, chifukwa ndalamazo si za m'thumba mwake. Nenani zimene ndalamazo zachita, monga chakudya, mabuku ndi kubweretsa alangizi, koma musatchule kuchuluka kwake. Mukanena kuti apereka madola akutiakuti, pofika pa geti anthu adzakhala atawerengetsera kale mtengo wa mpunga ndi nkhuku, ndipo msungichuma wanu ndiye adzagone ndi mafunso.

Nachi chitsanzo cha mmene zingamvekere. Pamene pali "Uje" muikepo dzina, ndipo mfundo za alangizi ndi a khansala mudzasinthe ndi zimene zidzanenedwedi.

"Zikomo otsogolera mwambo. Mlendo wathu wolemekezeka a khansala a Uje, abusa athu, Mayi Uje a ku bungwe la Uje, alangizi athu, amayi apampando ndi komiti, amayi ndi abambo nonse. Ndaima pano m'malo mwa anzanga 40 amene taphunzira lero.

A khansala, Loweruka ndi tsiku limene anthu ambiri amakufunani, koma mwasankha kukhala nafe. Mwatikumbutsa kuti khola la m'tauni liyenera kukhala laukhondo kuti tisayambane ndi oyandikana nawo. Tamva, ndipo tathokoza.

Ku bungwe la Uje, mabuku tanyamulawa, chakudya tadyachi ndi alangizi amene atiphunzitsa, zonse zatheka chifukwa cha inu. Mayi Uje, mukapereke kuthokoza kwathu ku ofesi.

Alangizi athu, Bambo Uje, mwatiphunzitsa kuwerenga anapiye: akaunjikana akumva kuzizira, akabalalikira m'mbali kwatentha. Mwatiuzanso kuti chitopa timachipewa ndi katemera, sitidikira kuti chilowe m'khola. Mayi Uje, mwatigwira dzanja powerengera mtengo wa nkhuku imodzi, kuyambira pa mwanapiye, chakudya, katemera mpaka makala. Ambirife timagulitsa osadziwa ngati tapindula. Lero tadziwa. Zikomo kwambiri.

Abusa ndi akulu a mpingo, mwatitsekulira holo ino ndi mipando yake. Ambuye akudalitseni.

Amayi apampando ndi komiti, mwayenda masabata ambiri kukonza tsikuli. Amayi a kukhitchini, munayatsa moto ife tisanadzuke, ndipo tadya pa nthawi yake. Achinyamata amene munasesa ndi kukonza mipando, takuonani.

Anzanga ophunzira, mwasiya misika ndi makomo anu, mwafunsa mafunso, mwakhala mpaka mapeto. Tsopano tonse pamodzi tiwombere m'manja onse ndatchulawa. Zikomo."

Mawu amenewa sakufika 250, ndipo akalankhulidwa mosathamanga amatha mphindi zitatu zisanakwane. Pali zinthu zingapo m'menemo zimene zachitika mwadala.

Kuwomba m'manja kwaikidwa kamodzi, pamapeto. Mukapempha manja pa munthu aliyense, ulendo uliwonse umadya masekondi 8 kapena 10, ndipo magulu asanu ndi awiri akudyerani mphindi yathunthu. Choipa china n'chakuti manja sakhala ofanana. Amayi ophika amalandira nthungululu, a khansala n'kulandira manja ozizira, ndipo aliyense m'holo amamva kusiyanako. Ngati anthu ayamba okha kuwomba, imani, mwetulirani, adukize, kenako pitirizani. Musalankhule manja ali m'kati, dzina lotsatira limamira.

Amayi ophika atchulidwa ngati gulu, popanda maina. Lamulo lake ndi lakuti pa gulu limodzi mumatchula onse kapena osatchula aliyense. Akakhala awiri, atchuleni onse awiri. Akakhala asanu ndi mmodzi, mukatchula anayi amene mukuwadziwa bwino, awiri otsalawo adzakumbukira mpaka Khirisimasi, ndipo mwina ndi amene anatunga madzi m'bandakucha. Chimodzimodzi komiti: apampando amaimira onse. Inuyo ndinu mlembi, ndiye kuti muli m'komitimo, koma lero mwaima ngati wophunzira, choncho nenani "amayi apampando ndi komiti", osati "ife a komiti", kuti musamveke ngati mukudzithokoza nokha. Chinanso, uzani wina akaitane ophikawo mawu anu asanayambe. Nthawi imeneyo amakhala ali kuseri akutsuka mapoto, ndipo kuthokoza munthu amene sakumva n'kungosangalatsa amene akhala pa mipando.

Zimene zasiyidwa n'zofunika ngati zimene zanenedwa. Mulibe kubwereza maphunziro onse, chifukwa mwina wina wachita kale zimenezo, ndipo anthu anali pomwepo. Mulibe zolengeza za ndalama zoyendera, masatifiketi kapena tsiku la msonkhano wotsatira. Zimenezo lembani pa kapepala mupatse wotsogolera mwambo, chifukwa mukangotchula ndalama ya kombi palibe amene amvenso dzina lotsatira. Mulibe dandaulo lobisika m'kuthokoza, monga "ngakhale tinayamba mochedwa" kapena "ngakhale nyama inachepa". Mulibenso kupepesa kuja kwakuti "pamene talakwitsa mutikhululukire". Mawu amenewo ndi abwino, koma ndi a eni msonkhano, ndiye kuti apampando, osati a woimira ophunzira.

Chovuta kusiya ndi pempho. Anzanu adzakunong'onezani masana kuti popeza a khansala ndi a bungwe ali pompo, mupemphe anapiye oyambira kapena mjigo. Kanani mwaulemu. Mawu othokoza amabwera mlendo wolemekezeka atalankhula kale, ndipo pambuyo panu pamangotsala pemphero. Pempho loperekedwa pamenepo limasiya mlendo ali ndi ngongole imene alibe mpata woyankha, ndipo kuthokoza konse kumaoneka ngati inali nyambo. Malo a pempho ndi mawu a apampando, mlendo asanalankhule, kapena kalata ya komiti sabata yotsatira.

Nkhani ya chilankhulo muikambirane ndi apampando Loweruka lisanafike. Pa mipingo ya anthu ochokera ku Malawi kuno, achikulire amamva Chichewa bwino, ana obadwira ku Mabvuku, Tafara kapena Mbare ambiri amamasuka m'Chishona, ndipo alendo anu mwina Chichewa amangochitola apa ndi apo. Mukagwiritsa womasulira, nthawi imawirikiza kawiri, ndiye kuti mawu 250 aja ayenera kutsika kufika pa 120 kapena 130. Njira yabwinopo, ngati Chishona mumachilankhula, ndi kunena gawo la munthu aliyense m'chilankhulo chimene iye amamva: a khansala, bungwe ndi alangizi m'Chishona, abusa, ophika ndi anzanu m'Chichewa, popanda kubwereza chilichonse kawiri. Anthu a ku Harare anazolowera kusintha kotere, sikudabwitsa aliyense.

Pali ulemu wina umene Achewa ndi Ashona timafanana, wothokoza munthu ndi mfunda wake. Kunena "zikomo a Nabanda" kapena "zikomo a Phiri" kumafika pamtima kuposa dzina la pa chitupa, ndipo anzathu a Chishona amachitanso chimodzimodzi ndi mitupo yawo monga Shumba, Moyo kapena Soko. Gwiritsani ntchito zimenezi pokhapokha mwafunsa ndipo mwatsimikiza. Mfunda suyerekezedwa kuchokera pa dzina la mwamuna wa munthu, popeza mayi amakhala ndi wake wa kwawo. Ndipo ngati mwatchula mlangizi mmodzi ndi mfunda, winayo mumutchulenso chimodzimodzi. Kwa a khansala ndi woimira bungwe, udindo ndi dzina n'zokwanira.

Poti muli pa tchalitchi, chiganizo chimodzi chothokoza Mulungu poyamba n'choyenera ngati mtima wanu ukufuna. Chikhale chimodzi, popanda vesi ndi kumasulira kwake, chifukwa abusa akubwera ndi pemphero lotsekera, komanso pa wekishopu yotseguka pangakhale amayi achisilamu kapena a mipingo ina amene aitanidwa.

Pa tsikulo zinthu zitatu zimakonda kusokonekera. Choyamba, pologalamu imachedwa, nthawi imafika 4 koloko, anthu a kutali monga ku Epworth kapena ku Dzivaresekwa ayamba kuyang'ana pakhomo poopa mizere ya makombi, ndiye wotsogolera mwambo amakunong'onezani kuti "mphindi imodzi yokha, mayi". Musayese kunena zonse mothamanga. Konzeranitu pa khadi lanu mwa kudula mzere pansi pa chiganizo chimodzi pa gulu lililonse. Mukafupikitsidwa, nenani malonje achidule, "mlendo wathu wolemekezeka, abusa, alendo athu nonse", kenako ziganizo zodulidwa mzerezo basi. Magulu onse atchulidwe, chimene chichepe ndi mawu, osati anthu.

Chachiwiri, mlendo wolemekezeka amachoka msanga, atangotsekulira m'mawa. Zikatero apampando ndiwo amamuthokoza pomuperekeza. Inu madzulo mumamuchotsa pa malonje, popeza simungalonjere mpando wopanda munthu, koma pa kuthokoza mumamutchulabe poyamba ndi chiganizo chimodzi: "A khansala amene anatitsekulira m'mawa, tipempha amayi apampando akatiperekere kuthokoza kwathu."

Chachitatu, mumaiwala munthu. Mukakumbukira mudakali chiimire, muikeni pomwepo popanda mwambo wopepesa wautali: "Ndisanakhale pansi, a bambo amene atibwereka jenereta magetsi atazima, zikomo kwambiri." Mukakumbukira mutakhala kale, musaimenso kulanda chimkuzamawu. Lembani dzinalo pa kapepala, wotsogolera mwambo alitchule asanaitane pemphero, ndipo inu mupite kwa munthuyo pamaso anthu akamabalalika. Kuti zisafike pamenepo, pa nthawi ya nkhomaliro onetsani khadi lanu kwa apampando ndi msungichuma, muwafunse funso limodzi: "Pali wina amene wapereka kanthu kapena wagwira ntchito amene sali apa?" Msungichuma ndiye amadziwa amene anapereka thumba la makala mwakachetechete, komanso amene anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe.

Ngati komiti yakonza mphatso za alangizi kapena a khansala, monga chitenje kapena nkhuku, musazipereke m'kati mwa mawu anu. Kuitana munthu, kuyenda kwake, kugwirana chanza ndi kujambula zimatenga pafupifupi mphindi imodzi pa munthu aliyense. Malizani kaye, manja awombedwe, kenako wotsogolera mwambo aitane apampando kuti apereke mphatsozo, inu mutaima pambali kuwapatsira.

Khadi lanu likhale pepala lolimba lokwana m'dzanja, lolembedwa mbali imodzi ndi zilembo zazikulu, osati foni imene imazima pamene mukufuna dzina. Imani pambali pang'ono pa tebulo la akuluakulu kuti musafulatire alendo kapena anzanu, ndipo potchula munthu aliyense tembenukirani kumene wakhala, mumuyang'ane, kenako mubwerere pa khadi kuti muone wotsatira.